Tsiku Limene Sindinaseke

1. Lichero la khobwe

Lachisanu m'mawa ndinakhala pakhonde, lichero lili pamiyendo, ndikusankha khobwe. Ntchito imeneyi ndimaikonda chifukwa sifuna pakamwa. Khobwe wofumbwa ndinkamuika pambali. Timiyala ndinkaponyera nkhuku, ndipo zinkathamangira n'kubwerera zitakhumudwa.

Kuseri kwa nyumba azakhali anga a Korotumu Traore ankanyika nsalu mu utoto. Ndiwo anandilera chibwerereni kuno ku Segu kudzaphunzira sekondale. Amuna awo, amene ndimawatchula amalume a Sekuba, ankapalasa makina awo osokera pansi pa mtengo wa nimu.

Panja pa mpanda panalira njinga yamoto. Sindinafunike kudzutsa mutu. Zumana Diarra amakonza njinga zamoto pafupi ndi msika, ndipo njinga iliyonse imene wakonza amaiyesera njira ya kwathu. Kwawo anali atatumiza kale kola woyamba wondifunsira, poti kuno mbeta amafunsira ndi mtedza wa kola. Kola wamkulu, wotseka chitomero, ankabwera Lamlungu.

"Mtendere pakhomo pano!" anatero Zumana akulowa. "Ndamva fungo la khobwe ndili kumsika. Ndati basi, a Traore adzuka."

Ife a Traore ndi a Diarra ndife masinanku, asuweni a nthabwala. Iwo amati ndife akapolo awo odya khobwe, ifenso timati iwo ndiwo akapolo athu odya khobwe. Ngakhale mwana atanena zimenezi kwa nkhalamba, palibe mlandu.

"Ndikusankhira kapolo wanga," ndinayankha motsitsa mawu. "Akapanda kudya khobwe, matayala a anthu awapopa ndi mpweya uti?"

Amalume a Sekuba, amene nawonso ndi a Diarra ngakhale si abale a Zumana, anasiya kupalasa makina n'kugwira mutu.

"Mwana wa Diarra, wafa! Thawa! Akazi a mtundu umenewu ndimawadziwa, ndili naye mmodzi kuseriko."

"Ndakumvani, kapolo!" anafuula azakhali. "Amene munanyambita mphika wa khobwe dzulo ndani?"

"Ndimaona ngati wabooka!"

Tonse tinaseka. Zumana anaseka mpaka kukhala pansi pakhonde, ndipo anatola khobwe mmodzi n'kundigenda naye pachipumi. Kuseka kumeneko kunali kokoma. Ndinamukondera zimenezi pachiyambi: ine amene ndimaopa anthu, kwa iye ndinkapeza mawu.

Kenaka panalowa amayi awiri odzatenga nsalu zawo. Zumana anadzuka. Ndinaona maso ake akuwala monga amachitira pakabwera omvera.

"Amayi, mwamuona mkazi wanga wa mawa? Tawauza dzina lako, iwe."

Ndinaweramira m'lichero.

"Dikirani ndimulize." Anagwira zigwiriro za njinga ya m'malere, n'kuponda ndi mwendo ngati akuliza injini. "Te-te-te-te... yakana. Te-te-te... Tenin! Yalira!"

Amayi aja anaseka mpaka kugwirana. Inenso ndinatulutsa mano. Amalume anayambiranso kupalasa makina. Zumana atapita, ndinapeza kuti khobwe wofumbwa ndamubwezera m'lichero, ndipo ndinayambiranso kusankha.

2. Zimene tinasungitsana

Ndili ndi chibwibwi. Sichibwera nthawi zonse. Chimabwera ndikachita mantha, kapena anthu ambiri akandiyang'ana, ndipo chimakonda kundigwira pa dzina langa lenilenilo.

Chaka chatha, tili m'mphepete mwa mtsinje wa Joliba, ndinamuuza Zumana nkhani imene sindinauzepo munthu. Ndili m'chaka choyamba cha sekondale kunabwera oyendera sukulu. Aphunzitsi anandiimiritsa kuti ndinene dzina langa ndi kuwerenga ndime. Dzinalo linakana kutuluka. Kalasi yonse inaseka, ndipo ndinatha milungu iwiri ndikunama kuti ndikudwala malungo.

Zumana sanaseke tsiku limenelo. M'malo mwake anandiuza yake. Anasiya sukulu ali wamng'ono kuti akathandize bambo ake, ndipo satha kuwerenga. Manambala amawadziwa, koma zilembo zimamuvina m'maso. Anzake onse sadziwa. Akapatsidwa pepala amati manja ali ndi girisi.

Kuyambira pamenepo ndinkapita ku shedi yake Lamlungu lililonse masana, buku lili pansi pa mbale ya mpunga. Anthu ankaganiza kuti ndikumuperekera chakudya basi.

Tsiku loyamba kunditsanzira tinali awiri m'shedimo. Lilime litandikola, iye anati, "Te-te-te, usafulumire, ndidikira mpaka mvula igwe." Ndinaseka zenizeni, chifukwa anadikiradi mpaka ndinamaliza.

Kachiwiri anachita pamaso pa mlongo wake. Kachitatu pamaso pa anzake, pamene amamwera tiyi madzulo. Apo ndi pamene anawonjezera kuponda njinga kuja, ndipo anzakewo anamupempha kuti abwereze. Kudikira kuja kunatha. Ndikayamba kuyankhula, ankandimalizira mawu.

Kamodzi ndinayesa kumuuza.

"Zumana, zi-zijazi sindizikonda."

"Ziti? Aa, iwe! Ndi nthabwala chabe. Suli sinanku wanga kodi? Sinanku sakwiya. Ukakwiya makolo ako akuseka m'manda." Anandikoka mpango wa kumutu. "Taseka, kapolo wanga."

Ndinaseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Kuchokera tsiku limenelo, pakakhala anthu ndinkangoyankha ndi mutu. Zumana ankauza anzake kuti wapeza mkazi wofatsa.

3. Pansi pa shedi ya ana

Chimalizireni sekondale ndimaphunzitsa ana a m'dera lathu masana, pansi pa shedi ya malata pafupi ndi mzikiti. Makolo awo amawatumiza kuti azikabwereza za kusukulu. Pamaso pa ana chibwibwi sichinkandivuta. Ndinkati kumeneko ndiye kwanga.

Lachisanu lomwelo kunabwera kamtsikana katsopano. Ndinagwada kuti tilingane msinkhu.

"Takulandira. Ine dzina langa ndine..."

"Te-te-te-te!"

Anali Laji, mwana wa mlongo wake wa Zumana, wa zaka zisanu ndi zitatu. Anali ataimirira kumbuyo, akuponda njinga ya m'malere. Ana ena awiri anadzuka n'kumaponda naye. Kenaka shedi yonse inasanduka njinga.

"Laji, kha-kha-kha..."

Ndinkafuna kunena kuti khala pansi. Mawu anakana, ndipo ana anagwa pansi ndi phwete.

"Amalume amatero," anatero Laji ataona nkhope yanga. Sankaoneka wamwano. Ankaoneka wodabwa. "Inunso mumaseka, aphunzitsi."

Ndinatembenukira ku bolodi. Phunziro lonse ndinalilemba ndi choko, osatulutsa liwu. Kamtsikana katsopano kaja kanapita kwawo kasanadziwe dzina langa.

4. Mawu a amayi, mawu a azakhali

Amayi anga a Sitan anafika kuchokera kumudzi Loweruka m'mawa, nkhosa ya alendo a Lamlungu ili pamwamba pa basi. Bambo anga anamwalira kale, choncho udindo wondifunsa unali wa azakhali. Anandiitanira kuseri, kumene mabafa a utoto ankatuluka nthunzi. Amayi anakhala pa mtondo wovundikira.

"Tenin," anatero azakhali, "mawa kola akubwera. Tikamulandira n'kumugawira abale, anthu akatafuna, mawu atsekedwa. Sitisanzitsa anthu kola. Ndikufunsa lero kuti mawa usadzati sanandifunse. Timulandire?"

Ndinaweramitsa mutu.

"Ndi manyazi," anatero amayi.

Azakhali anapukusa mutu. "Si manyazi. Laji wachita zotani dzulo kushedi? Nkhani yafika pachitsime."

Ndinafotokoza pang'onopang'ono. Amayi anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anaomba m'manja kamodzi.

"Basi? Nkhani yake ndi yomweyi? Mwana wanga, tamvera. Mnyamata uyu sakumenya. Samwa mowa. Ali ndi ntchito ya manja ake, ndipo akaona ine amagwada. Akazi anzako akulira ndi mabala pamsana, iwe ukulira ndi kuseka? Ndiponso ndi Diarra. Mwambo sunayambe ndi iwe. Ukakwiyira sinanku, anthu adzati mwana wa Sitan sanaleredwe, sukulu yamuwononga. Ukwati ndi kupirira. Bambo ako ankanditchula Mphika Wopsereza zaka makumi awiri, pamaso pa alendo, pamaso pa inu ana. Ndinafa? Mawu sabaya. Ukameza, amatsika."

"Munkaseka, amayi?" ndinafunsa.

"Ndinkatulutsa mano." Anadzuka msanga n'kukonza chitenje. "Ndikaone nkhosa, ingadye nsalu za eni."

Azakhali anadikira kuti amayi apite. Kenaka anatenga supuni yaitali, n'kutapa soda woyaka wa m'chitini, n'kuthira m'bafa.

"Bwera uone. Popanda mankhwala awa utoto sugwira. Nsalu imachoka yotuwa, ukaichapa kamodzi mtundu wapita. Banja lopanda nthabwala lili choncho, limatuwa. Koma dzanja likalemera, ndikathira supuni zochuluka, nsalu imatuluka yowala bwino lomwe. Mwini wake amavala, anthu n'kumamuyamikira. Pakatha mwezi akangoti akhale pansi, kwee! Yang'ambika. Soda anadya ulusi kalekale, koma maso sankaona.

"Amayi ako sananame pa zonse. Mwambo ulipo ndithu. Koma taganiza, Tenin. Sinanku akamanditukwana amanena chiyani? Amati ndine kapolo wake. Ndine kapolo wake ine? Amati a Traore tinabadwira m'munda wa khobwe. Zoona zimenezo? Ndi bodza, ndipo tonse tikudziwa kuti ndi bodza. N'chifukwa chake limakoma. Chipongwe chake chimagwera mtundu wonse, ndipo ine ndili ndi changa chomubwezera cholemera chimodzimodzi. Tikasiyana, aliyense wadya, aliyense wadyedwa.

"Koma munthu akasiya bodza la mtundu n'kutola choona cha iwe wekha, chimene unamuuza pomukhulupirira, n'kupita nacho pagulu, ameneyo wachoka pa mwambo. Wangofunda dzina la mwambo ngati bulangete. Makolo amene anatilola kutukwanawo ndi omwewo anatiletsa kukhetsana magazi. Anyamata a lero amakumbukira theka lokoma lokha."

Amalume a Sekuba anali atabwera kudzatenga nsalu yoti asoke. Anaima pakona ya nyumba, tepi yoyezera ili m'khosi.

"Muuzeni za dzina la mwana wa Madu," anatero.

"Muuzeni nokha. Mlandu unali wanu," anayankha azakhali.

Amalume anakhala pa mtondo paja. Sindinawaonepo nkhope yawo ili chonchija.

"Mwana wanga, ukudziwa kuti nyumba ino Mulungu sanaipatse mwana wobadwamo. Tili ndi zaka zisanu m'banja, mng'ono wanga Madu anaitana anthu ku mwambo wopatsa dzina mwana wake. Munthu wina anandifunsa kuti nanga inu liti. Funso linandibaya. M'malo moti ndimeze ululu wanga, ndinauponyera kwa azakhali akowa. Ndinati, minda ya a Traore imadya mbewu, sibweza. Bwalo lonse linaseka. Iwonso anaseka. Ine ndinapita kunyumba ndikudziona ngati katswiri.

"Chakudya chinkabwera pa nthawi yake. Zovala zinkachapidwa. Ndikanena nthabwala, ankamwetulira. Koma sanandibwezerenso. Mawu akuti kapolo anatha m'nyumba muno. Ankangoti inde, bambo, chabwino, bambo. Ine wopusa ndinkati mkazi wanga wayamba ulemu. Panatha chaka chathunthu ndisanazindikire kuti ndikuseka ndekha.

"Tsiku lina ndinawafunsa kuti, bwanji simunditchulanso kapolo? Anandiyankha kuti, ndimasewera ndi msuweni wanga, koma iye anamwalira kwa Madu, amene watsala ndi mwini nyumba. Ndinagula kola, ndinatuma mkulu wa mtundu wawo kudzandipepesera ngati mlendo. Anandikhululukira, koma kuseka kunatenga nthawi kuti kubwerere. Lero ndimawanena za khobwe, za kuliza mkonono, za manja awo obiriwirawa. Pali khomo limodzi limene sindigogodapo, ngakhale titakhala awiri."

"Mkonono ndi wanu," anatero azakhali, osawayang'ana.

"Mwamva? Ndiye kuti ndili moyo." Amalume anatola nsalu yawo n'kubwerera ku makina.

Azakhali anavula magolovesi a mphira n'kundigwira paphewa.

"Cholakwa changa chinali kukhala chete chaka chonse. Ndinkati azindikira okha. Munthu amene anthu akumuombera m'manja sazindikira yekha, makamaka iwe ukamathandiza kuseka. Sindikuuza kuti umukane Zumana, sindikuuzanso kuti umulole. Mwina ndi woipa mtima, mwina ndi wogontha chabe. Sungadziwe usanamuuze momveka, osaseka. Ukamuuza, uone chimene achite. Wogontha amachita manyazi. Woipa mtima amakuuza kuti vuto ndi iwe.

"Chinanso. Anthu okondana amasungitsana mipeni. Iye ali ndi wako, ndipo ndikhulupirira kuti nawenso uli ndi wake. Sindikufuna kuudziwa. Koma tsiku limene udzautulutse pagulu, udzapambana, anthu adzakuombera m'manja, ndipo mudzakhala anthu awiri obayana mpaka ukalamba. Ndaona mabanja otero. Alendo amawakonda chifukwa amaseketsa. Ana awo ndiwo saseka."

"Nanga kola?" ndinafunsa.

"Dzuwa likadalipo. Undiyankhe lisanalowe."

5. Tiyi wachiwiri

Itatha swala ya madzulo kumzikiti, dzuwa likadalipo, ndinapita ku shedi ya Zumana. Ndinkafuna kumupeza yekha. Ndinamupeza ndi anzake anayi, atazungulira kambaula kutsogolo kwa shedi. Burama, mnzake wa ubwana, ndiye ankapanga tiyi. Ankamuthira kuchokera m'mwamba, kuchoka m'tambula ina kupita m'inzake, kuti achite thovu. Tiyi wa kuno amamwedwa katatu, ndipo woyamba, wowawa uja, anali atamwedwa kale.

"Mkwatibwi!" anafuula Burama. "Mpatseni mpando. Wafika pa wachiwiri, wa shuga wabwino."

Ndinawapatsa moni onse. Kenaka ndinati, "Zumana, tiyankhule pambali."

"Ee! Zinsinsi zayamba kola asanafike?" anatero mmodzi.

"Nena pompano," anatero Zumana akumwetulira. "Awa ndi abale anga. Kapena wabwera kudzapempha khobwe?"

"Wathu akadalipo. Wanu ndiye munamaliza," ndinayankha.

Anaseka onse, ndipo ndinakhala pansi. Ndinalandira tambula. Ndinaganiza zodikira mpaka tiyi wachitatu atatha, anthu atabalalika.

Pamenepo Burama anapisa m'thumba n'kutulutsa pepala.

"Ndikanaiwala, Zumana. Amalume ako andipatsa ili. Ndi mayina a anthu operekeza kola mawa. Akuti uwerenge, uone ngati aiwala wina."

Anamupatsira Zumana. Zumana analilandira. Anayang'ana manja ake, koma anali atasamba kale chifukwa cha swala. Girisi panalibe.

"Tawerenga mokweza timve ngati tilimo," anatero Burama.

Zumana anatembenuza pepalalo. Anayang'ana anzake, kenaka anayang'ana ine. Maso ake ankapempha. Ndinatambasula dzanja, monga ndinkachitira nthawi zonse, ndipo anandipatsa msanga.

"Awerenge aphunzitsi," anatero. Mpweya unabwerera m'chifuwa chake, ndipo pamodzi ndi mpweyawo panabwera kuwala kuja m'maso. "Koma Burama, wonjezera makala. Mayina khumi ndi awiri, tichoka pano mawa!" Anadzuka n'kugwira zigwiriro za m'malere. "Te-te-te-te..."

Anzake anagwa ndi kuseka. Mmodzi anatsamwa ndi tiyi.

Apo ndinaona chimene amalume ananena. Funso linabaya iye, ululu anauponyera ine.

"Tenin, usamusiye!" anatero Burama akupukuta misozi. "Bwezera! Ndiwe Traore iwe. Mugwetse!"

Pepala linali m'manja mwanga. Mawu anali okonzeka pa lilime, ndipo ndinadziwa kuti amenewa sakanakola. Ndikanangomubwezera pepalalo n'kunena kuti, werenga wekha dzina loyamba lokha. Zumana anawaona mawuwo pankhope yanga. Mwendo wake unaima m'malere. Kumwetulira kunatsala pakamwa, koma m'maso munalibe.

Ndinapinda pepala kawiri n'kuliika pa thireyi, pafupi ndi matambula. Ndinaika tambula yanga pambali pake, tiyi ali momwemo. Kenaka ndinaimirira.

Sindinaseke.

"Aa, wakwiya," anatero Zumana. Mawu ake anali opepuka mopitirira. "Anzanga, mwaonapo sinanku wokwiya? Ndi nthabwala chabe, iwe."

"Zu-zu-zu..."

Lilime linakola. Anthu asanu ankandiyang'ana. Mmodzi anayamba kumwetulira, koma Burama anamugunda ndi chigongono. Zumana anatsegula pakamwa kuti andimalizire.

"Ayi," ndinatero. "U-udikire. Kale unkadikira."

Anatseka pakamwa. Ndinapuma, ndipo ndinayamba pang'onopang'ono.

"Zumana, unditchule kapolo mpaka ndife. Unene kuti ndinabadwira m'munda wa khobwe. Ndidzaseka, ndipo ndidzakubwezera, chifukwa ndi bodza ndipo ndi lathu tonse. Koma chi-chibwibwi si cha a Traore. Ndi changa. Ndinakuuza kumtsinje chifukwa ndinkati kwa iwe chafika posungika. Iwe wachitenga n'kumagulira nacho kuseka kwa anthu.

"Ndinakuuzapo kuti sindizikonda. Unati sinanku sakwiya, ine n'kuseka. Pamenepo ndinalakwa ndine. Kuseka konse kuja kunali kwabodza, ndipo lero ndasiya.

"Dzulo Laji waponda njinga m'kalasi mwanga. Ana onse amutsatira. Ndamaliza phunziro ndi choko ngati wosayankhula. Mwanayo sindimuimba mlandu, anati amalume amatero. Tsono ndakhala ndikuganiza za ana amene ine ndi iwe tingadzabereke. Adzaphunzira kwa ndani kundimvera, bambo awo akamandiliza ngati njinga?"

Tiyi wachitatu anayamba kuwira pambaula.

"Burama wati ndibwezere. Iwe ukudziwa kuti ndikanatha. Sindibwezera lero, sindidzabwezeranso mawa, ngakhale titasiyana. Chimene unandisungitsa chili pomwe unachisiya."

Zumana anayang'ana pepala lija pa thireyi, kenaka anayang'ana pansi. Burama anayang'ana mnzakeyo modabwa, koma sanafunse.

"Tenin," anatero Zumana motsitsa, "pamaso pa anthu chonchi?"

"Ndinapempha pambali, unakana. Ndiponso pamaso pa anthu ndi pomwe wakhala ukuchitira."

Tiyi anasefukira n'kuzimitsa makala a m'mbali. Palibe anaphula ketulo. Onse asanu ankandiyang'anabe. Koma lilime linali litamasuka.

"Ukawauze amalume ako kuti kola asabwere mawa. Sindinakukane. Ndikufuna ubwere iwe kaye, wekha, wopanda okuombera m'manja, udzandiuze ngati ukufuna mkazi kapena choseketsa anzako. Ukadzati vuto ndi ine, ndidzamva, ndipo kolayo mudzapita naye kwina. Ine ndikupita kunyumba. Amayi anola kale mpeni wa nkhosa, ndipo nawonso ndiyenera kuwauza ndi pakamwa pangapa."